Meseji ya pa foni si lisiti ya lendi

Masiku ano pa Phalula aliyense amene ali ndi foni akudzitcha wotolera lendi. Mwini nyumba ali ku Blantyre kapena ku Joni, wamanga mdadada wa zipinda kufupi ndi msewu wa M1, ndiye amapeza mnyamata womuuza kuti adzatolera pa mtengo wa botolo la fanta, poti ndalama zimabwera zokha pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Ine ntchito imeneyi ndi imene imandidyetsa, ndipo ndikunenetsa kuti kulandira ndalama ndi kachigawo kakang'ono chabe ka ntchitoyi. Foni imakuuza kuti ndalama zakuti zalowa kuchokera pa nambala yakuti. Siyikuuza kuti ndi za chipinda chiti, za mwezi uti, kapena kuti wolipirayo watsala ndi ngongole yanji. Zitatu zimenezi ndi zimene anthu amakanganirana mpaka kukafika kwa amfumu, ndipo zimapezeka mu buku ndi pa lisiti basi.

Za kutumiza sindichedwapo, ngakhale mwana amadziwa kuyimba *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM. Chofunika n'chakuti wotolera akhale ndi simu kadi ya lendi yokhayokha pa netiweki iliyonse, yosagulira mayunitsi, yosalandirira chithandizo cha maliro. Ukatero masamu amakhala amodzi: balansi ya pa 1 mwezi, kuwonjezera zonse zolowa, kuchotsa zotumiza kwa mwini nyumba ndi zimene kampani yadula, ziyenera kufanana ndi balansi ya lero. Lamulo limeneli limagwiranso akathyali a meseji yabodza. Meseji yoteroyo imaoneka ngati yeniyeni, koma imachokera pa nambala ya munthu wamba m'malo mwa dzina la kampani, ndipo ukafunsa balansi umapeza sinasunthe. Lisiti silembedwa balansi isanaonedwe, ngakhale woima pakhomoyo akhale mkulu wa mpingo.

Povuta penipeni ndi pofananitsa zolowa ndi mndandanda wa okhala m'nyumba. Titenge pulote ya zipinda 8 za K25,000 chilichonse ndi mashopu awiri a K60,000. Mwezi wathunthu uyenera kubweretsa K320,000. Pofika pa 10, mameseji onse akuwonkhetsa K300,000. Wotolera wotchipa uja amaimbira mwini nyumba kuti kwatsala K20,000 yokha, onse n'kusangalala. Tsopano tsegulani buku, mzere ndi mzere. A chipinda 3 atumiza K50,000, koma theka lake likutseka ngongole ya mwezi watha. Shopu yachiwiri yapereka K40,000, yatsala ndi K20,000. Ndipo chipinda chimodzi sichinalipire n'komwe. Ndalama za mwezi uno zenizeni ndi K275,000, zosowa ndi K45,000. Ngongole yakale yabisa ngongole yatsopano, ndipo ikadzaonekera patatha miyezi inayi, palibe adzavomere kuti ndi yake. N'chifukwa chake ndalama iliyonse yolowa iyenera kuyamba yatseka mwezi wakale kwambiri, ndipo pa lisiti palembedwe mwezi umene watsekedwawo, osati mwezi umene tili.

M'chitsanzo chomwechi muli mfundo ina. Nenani kuti K25,000 imodzi yalowa kudzera kwa ejenti wa pamsika, motero meseji ilibe dzina la aliyense wa pa pulote. Mu buku zipinda 5 ndi 7 zonse zili zosalemba, ndipo onse awiri akulumbira kuti anatumiza. Izi si zachilendo kuno, pakuti anthu ambiri amagwira ndalama m'manja akagulitsa thonje, nandolo kapena mbuzi, n'kuthamangira kwa ejenti. Ena amalipiridwa ndi mwana wawo ali ku Lilongwe, dzina lina nambala ina. Chothetsa mlanduwu ndi nambala yaitali imene kampani imapereka pa kutumiza kulikonse, yosabwerezeka. Amene anatumizadi apita nawe kwa ejentiyo, tsiku ndi nthawi zikafanana ndi zolembedwa m'buku la ejenti ndi m'foni yake, nkhani yatha. Nambalayo ndimailemba yonse pa lisiti ndi mu buku, chifukwa pali ena amene amaonetsa meseji ya mwezi watha ngati yatsopano, ndipo ukaipeza nambalayo ili kale m'buku, sufunikanso kukweza mawu. Ndalama imene mwini wake sanadziwike imakhala pa tsamba lakelake kumapeto kwa buku. Kuiponya pa dzina la amene ukumuganizira ndi kubera mnzake.

Zonsezi sizinabwere ndi foni. Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012 ndipo Mpamba inatsatira mu 2013, koma amene anandiphunzitsa ntchito anali kalaliki wakale wa nthawi imene dera lino linali pansi pa boma la Machinga, Balaka isanakhale boma palokha mu 1998. Malamulo awo anali a pepala ndi kaboni. Lisiti zikhale ndi manambala otsatana. Yolakwika isang'ambidwe, idulidwe mizere iwiri n'kutsala m'buku momwemo. Ndalama zilembedwe m'manambala ndi m'mawu omwe, kuti ziro asamere usiku. Pansi penipeni palembedwe ngongole yotsala, ngakhale ikhale yopanda kanthu. Ankadana ndi pensulo, ankadana ndi kufufuta, ankadananso ndi kaboni wotha amene amasiya tsamba lapansi lotuwa losawerengeka, ndipo pamenepa ndimawatsatira mpaka lero: buku lotchipa la pepala lopyapyala limang'ambika mvula yoyamba, kaboni wabwino amasintha akangoyamba kuzilala. Chimene foni yawonjezera pa chiphunzitso chawo ndi mzere umodzi wokha, wa nambala yaitali ija.

Ena amati pepala ndi lachikale, kampani imasunga mbiri yonse. Zoona, imasunga, ndipo mbiriyo imathandiza foni ikabedwa kapena mameseji akafufutika. Koma mbiri ya kampani imanena za manambala a foni, siyidziwa chipinda 7. Enanso amati chithunzi cha meseji chotumizidwa pa WhatsApp chikukwana. Chithunzi chimangosonyeza zimene wotumizayo akunena. Lisiti imasonyeza zimene wolandira wavomera ndi siginecha yake, ndipo imateteza wokhala m'nyumba kuposa mwini nyumba tsiku limene wotolera wasinthidwa.

Dandaulo lokhalo limene ndimaliona kuti n'lomveka ndi la ndalama yotapira. Lendi ikalowa mu foni, potapa kapena potumiza kwa mwini nyumba kampani imadula yake, ndipo wina ayenera kuisenza. Mphunzitsi amene malipiro ake achedwa sangakondwe kuuzidwa kuti awonjezere, makamaka chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene eni nyumba anakweza lendi zinthu zonse zitakwera kale. Koma kuchotsa yekha K500 mwakachetechete n'kunena kuti yapita ku netiweki si yankho: pa zitseko 10 imeneyo ndi K5,000 pa mwezi, K60,000 pa chaka, lendi ya shopu yathunthu. Nkhaniyi igwirizanidwe tsiku lolowa m'nyumba, ilembedwe pa tsamba loyamba la munthuyo. Langizo langa kwa eni nyumba n'lakuti yotapira aiwerengere mu lendi momwemo, kuti chiwerengero cha pa meseji, cha pa lisiti ndi cha mu buku chikhale chimodzi. Ambiri amakana, ati lendi ioneka yokwera, ndipo ndi omwewonso amene amanyinyirika ndi gawo langa, ati ntchito yake n'kungowerenga mameseji.