Thumba la Denga

Denga la malata limachenjeza lisanathe. Dzimbiri limayamba kuzungulira mitu ya misomali, kenako limalowa pamene malata agundana, ndipo tsiku lina masana mukayang'ana kumwamba mumaona timabowo ta kuwala ngati nyenyezi. Ife kwathu zizindikiro zimenezi titaziona tinaitana mmisiri. Iye anakwera, nayenda pamwamba, ndipo potsika anati: "Bambo, ndikamata mabowowa dengali lipirira dzinja zitatu, koma lachinayi musadzandiitane kuti ndidzamatenso."

Mawu amenewa anatipatsa nthawi, miyezi 36. Chotsala chinali mtengo. Nyumba yathu imafuna malata 40, ndipo lata limodzi la geji 28 tinalipeza pa K40,000, kutanthauza K1,600,000. Matabwa, misomali, zotsekera pamsonga ndi malipiro a mmisiri zinakwana K800,000. Zonse pamodzi K2,400,000. Mitengo imeneyi ndi ya tsiku limene ife tinafunsa, inu mukafunse yanu. Chimene tikufuna muone ndi kawerengedwe kake.

Maganizo a thumba lotere ndi apafupi. Chinthu chimene mukudziwa kuti chidzatha, kaya ndi denga, galimoto kapena injini ya boti, mumachisungira ndalama yofanana mwezi uliwonse kuti tsiku lake likadzafika musadzathamangire kwa akatapira. Koma kugawa K2,400,000 ndi 36 n'kupeza K66,700 pamwezi n'kudzinamiza, chifukwa denga lidzagulidwa pa mtengo wa zaka zitatu zikubwerazo. Amene anasunga ndalama m'chaka cha 2022 akukumbukira kuti mu Meyi kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 pa 100. Chitsulo chopangira malata chimachokera kunja, choncho kwacha ikagwa mtengo wa lata suchedwa kudumpha.

Ife tinangoyerekeza kuti mitengo izikwera ndi 20 pa 100 chaka chilichonse. Pamenepo lata la K40,000 lidzakhala K48,000 pakatha chaka, K57,600 pakatha zaka ziwiri, ndipo K69,120 pakatha zitatu. Denga lonse lidzafika pa K4,147,200. Mukagawa ndalama imeneyi ndi 36 mupeza K115,200 pamwezi. Titaona chiwerengerochi tinakhala kaye chete.

Mphwathu wina amene anaphunzira zowerengera ndalama anatisonyeza mmene mabuku a kusukulu amachitira. Amati ndalamazo muziika ku banki kumene zizibereka chiwongoladzanja, tinene 1 pa 100 mwezi uliwonse, ndipo chiwongoladzanjacho chiziberekanso chinzake. Kwacha imene mwaika kumapeto kwa mwezi woyamba imabereka kwa miyezi 35, ya mwezi wachiwiri kwa miyezi 34, mpaka yomaliza imene sibereka kanthu. Mukaphatikiza zonsezo, kuika K1 pamwezi kwa miyezi 36 kumakupatsani pafupifupi K43 m'malo mwa K36. Ndiye mumagawa K4,147,200 ndi 43, osati ndi 36, ndipo mumapeza ndalama yopitirira pang'ono K96,000 pamwezi. Pa zaka zitatuzo m'thumba mwanu mumachoka pafupifupi K3,470,000, ndipo yotsalayo, pafupifupi K680,000, imawonjezera ndi banki.

Masamuwo ndi olondola, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Koma K680,000 imeneyo ndi riba, phindu lolonjezedwa pa ndalama yobwereketsa, ndipo Qur'an inailetsa poyera mu Surat Al-Baqarah. Sitikanafuna kuti ana athu azigona ndi kuswali pansi pa malata ogulidwa ndi ndalama yotero. Shehe wathu titawafunsa anati ngati ndalama zili mu akaunti wamba ndipo banki yaikamo chiwongoladzanja, tichilembe pachokha, tichichotse n'kupatsa osauka popanda kuyembekezera thawabu, ndipo chisalowe m'masamu a denga. Anatiuzanso za akaunti za Chisilamu zoyendera mudaraba, zimene banki imachita malonda ndi ndalama zanu n'kugawana nanu phindu. Phindu limenelo ndi halali, koma sililonjezedwa, mwina libwera lochuluka mwina lochepa, choncho munthu wanzeru amagawabe ndi 36, ndipo chimene chabwera amachilandira ngati chongowonjezera.

Titawayang'anitsitsa masamu a mphwathu uja tinaonanso china. Ndalama ikubereka 1 pa 100 pamwezi, imene ndi pafupifupi 12 kapena 13 pa 100 pachaka, pamene lata likukwera ndi 20 pa 100. Ngakhale wolandira chiwongoladzanjayo akutsalira m'mbuyo, ndipo apo sitinachotsepo msonkho ndi zimene banki imadula. Ndalama iliyonse imene yagona zaka zitatu imadzagula malata ochepa kuposa amene ikanagula lero.

Choncho tinagwirizana kuti thumba lathu lizisanduka malata. Timapatula K90,000 pamwezi, ndipo miyezi itatu iliyonse timapita kusitolo. M'chaka choyamba zimakwana K1,080,000, ndipo pa mtengo wapakati wa K44,000 ndiye malata 24. M'chaka chachiwiri malata 16 otsalawo, pa mtengo wa pafupifupi K51,000, amadya K820,000, ndipo K260,000 yotsalayo imagula misomali ndi zotsekera pamsonga. Chaka chachitatu chonse ndi cha matabwa ndi mmisiri. Matabwa timawaika kumapeto dala, chifukwa akakhalitsa amapindika ndipo chiswe sichiwasiya. Mwanjira imeneyi K90,000 ikukwanira pamene wa ku banki uja amafunika K96,000, ndipo mulibemo tambala ya riba.

Njirayi ili ndi zovuta zake. Malata osanjikizana akalowa chinyezi amachita zoyera ngati ufa pakati pawo, ndipo chimenecho ndi chizindikiro choti utoto wa zinki woteteza chitsulo wayamba kudyeka lata lisanakwere n'komwe padenga. Kuno kunyanja, kumene m'nyumba zambiri mumasungidwanso mchere ndi feteleza, tiyenera kusamala kwambiri. Ife tinawaika m'chipinda chouma, pamwamba pa mitengo, mbali imodzi yokwera pang'ono, kutali ndi matumba amenewo. Muzigulanso geji imodzi, utali umodzi ndi mapindidwe amodzi, poti malata osiyana mapindidwe salumikizana. Pa geji musapusitsidwe ndi nambala: ikakula lata limakhala lopyapyala, ndiye 32 ndi lopepuka kuposa 28. Malisiti musunge, ndipo malatawo muziwawerenga, chifukwa lata lokhala poonekera silichedwa kubwerekedwa ndi achibale.

Ambiri a ife sitilandira malipiro a pamwezi. Msodzi amadziwa kuti mwera ukalimba kapena nyanja ikatsekedwa ndalama imasowa, ndipo mlimi wa mpunga amagwira ndalama kamodzi pachaka. Chofunika n'chakuti pakutha pa chaka K1,080,000 ikwane. Usipa ukagwa bwino timaika za miyezi iwiri kapena itatu nthawi imodzi, ndipo mayi a m'nyumba, amene ndiwo asunga kope, amalemba mwezi umene ndalamayo yalipirira. Kamodzi pachaka timafunsanso mitengo, ndipo ikakwera kuposa mmene tinayerekezera timakweza ya pamwezi pomwepo.

Pa zakaati, Shehe anatikumbutsa kuti ndalama yosungira denga ikadali chuma chathu: ikaphatikizidwa ndi zina n'kufika pa nisabu, ndi kukhala chaka chathunthu, timatulutsapo 2.5 pa 100. Malata ogulira nyumba yathu yogonamo, osati ogulitsa, alibe zakaati.

Pakadali pano m'chipinda muli malata 30. Mmisiri tapangana naye kuti, Insha Allah, adzasasule denga lakalelo mu Seputembala wa chaka chachitatu, mvula isanayambe, ndipo malata akalewo amene adakali abwinoko adzafolera khola la mbuzi.