Tsiku limene ba anti anaseka adiveti yanga

Nchito yanga mumaidziwa, ni kuyenda m'mashoo na kulemba za oimba. Koma malipilo a mtolankhani safika pa 30, choncho mnzanga wina atanitumila foni kuti kuli shopu ya nkhuku na machipisi ku Chawama imene ifuna adiveti ya pa wailesi m'Chinyanja, sininafunse kawili. Masekondi 30 chabe. Ninati mumtima iyi ni ndalama ya lendi yabwela yokha. Nili na dipuloma, Chinyanja nimakamba kuyambila m'mawa mpaka kugona, chingavute n'chiyani?

Mwini shopu ananitumila zimene afuna, zonse m'Chizungu. Ine n'nakhala pansi n'kutembenuza mzele na mzele. Mzele woyamba unatuluka tele:

"Kodi mukumva njala? Thamangani mukagwile malonda athu otentha a chakudya chophatikiza cha kumapeto kwa sabata, pamtengo wa makwacha makumi asanu ndi limodzi okha."

Papepala unaoneka bwino, ngati wa munthu wopita kusukulu. Ku situdiyo, amene anayenela kuwelenga anali mayi wina wachikulile amene wakhala pa maikolofoni zaka zambili. Anawelenga kamodzi, anaima pakati, anachotsa mahedifoni n'kuyamba kuseka.

"Mwana wanga, aya malonda yakupya ni ya bwanji? Yapya na mulilo? Elo nikayenda ku shopu nizakamba chani kuli kashiya, ati nipaseniko chakudya chophatikiza?"

Enjiniya sanaseke, anali kuyang'ana nkoloko, chifukwa situdiyo amalipilitsa pa ola. Titayesa kuwelenga sikilipiti yonse, inafika masekondi 44. Mwini shopu ananipatsa mpaka m'mawa. Anati ikakanganso, ola lachiwili nilipila ine.

Usiku umenewo n'nayamba na funso la ba anti, la kashiya. Pa sikilini ya pamwamba pa kauntala, na pa menyu ya pa WhatsApp, chakudyacho chinalembedwa Weekend Combo. Kasitomala akamva dzina lina pa wailesi, n'kupeza dzina lina pa shopu, ndalama ya adiveti yapita m'madzi. Dzina la chinthu chogulitsidwa silitembenuzidwa, monga mmene sitimatembenuzila dzina la munthu. Chimodzimodzi mtengo. Ni liti pamene munamva kondakitala pa City Market akuti "makwacha makumi awili"? Mu Lusaka ndalama timawelenga m'Chizungu chathuchathu: twente, fifite, handiledi. Ena mpaka lelo akali kukamba fifite pini potanthauza K50, ngakhale kuti mazilo atatu anachotsedwa mu 2013. Munthu akamva "makumi asanu ndi limodzi" amayamba masamu m'mutu, ndipo pamene apeza 60 adiveti yatha kale.

Ndiye mawu a Chizungu amene anatsala anali ochepa: dzina la chakudya, mtengo, masiku, na WhatsApp. Zina zonse n'nazifafaniza kuti niyambe pa zelo.

Apa m'pamene n'naphunzila chinthu chimene n'nali kuchita tsiku lililonse osachiona. Liwu la Chizungu likalowa m'Chinyanja silibwela na malamulo a kwawo, limatsata athu. Mvetselani mmene mumakambila za foni: foni yanga, foni iyi yafa, mafoni yabili. Palibe amene anatiphunzitsa, koma tonse timaika liwu lobweleka m'gulu limodzi na nyumba kapena njinga, ndipo likachuluka timaika ma- kutsogolo. Kombo nayo ni chimodzimodzi: kombo iyi, kombo yanga, makombo yabili. Adiveti imamveka yomasulila ngati dzina lija laima lokha pakati pa chiganizo monga mlendo pa malilo, lopanda iyi, lopanda ya, lopanda ma-. Ukalipatsa tumawu tumeneto, khutu silimvanso kuti ni la Chizungu.

Mawu a zochita nawo ali na njila yawo. Amafuna -a kumapeto kuti agwile nchito: kuoda, kuchaja, kusenda. Akalandila -a uja, ungawapinde mmene ufunila: odani, naoda kale, muniodeleko. Koma apa pali msampha wina. Si liwu lililonse limene liyenela kubwelekedwa. Kuoda n'nakusunga chifukwa pa foni anthu amaodadi, palibe amene amati "itanitsani". Kugula n'nakusiya m'Chinyanja chifukwa tili nako kale ndipo kumagwila nchito bwino. Ukabweleka paliponse, adiveti imamveka ngati mwana wa ku Kabulonga amene ayesa kukamba na ogulitsa pa Soweto.

Chimene chinanivuta kwambili sichinali mawu, chinali maganizo a Chizungu obisala m'mawu a Chinyanja. "Malonda otentha" ni Chinyanja liwu na liwu, koma ganizolo si lathu. Kwa ise chotentha ni tiyi, dzuwa la mu Okutobala, kapena nkhani imene yavuta. "Thamangani mukagwile" nayenso ni mlendo: kuno amene timathamangila kukagwila ni kawalala. Ndipo "Kodi" uja wa kumayambililo, m'tauni amamveka ngati pepala la mayeso a giledi 7. Mwini shopu analembanso kuti ukagula makombo awili upatsidwa paketi ya machipisi yaulele. N'nalemba "yaulele", n'nalemba "ya mahala", kenako n'nakumbukila amayi a tomato pa msika akamaponya imodzi pamwamba pa mulu. Mbasela. Liwu limodzi, aliyense alidziwa, ndipo limanena zoona zake: si ya mahala, uyamba wagula.

Za nthawi n'nazipeza na sitopuwochi ya pa foni. Kusukulu tinazolowela kuwelenga mawu, koma m'Chinyanja kuwelenga mawu kumanama, chifukwa liwu limodzi monga "muniodeleko" lanyamula chiganizo chonse. N'nayamba kuwelenga masilabulo. N'nadziyesa kangapo, n'kupeza kuti nikamakamba mosathamanga nimatulutsa pafupifupi 5 pa sekondi. Masekondi 30 ndiye kuti 150, osapitilila. Sikilipiti yanga yoyamba inapitilila 200. Onani kumene nthawi inali kuthela: "chakudya chophatikiza cha kumapeto kwa sabata" ni masilabulo 17, pamene Weekend Combo, mmene timaitchulila, ni 5. "Makwacha makumi asanu ndi limodzi" ni 13, "sikisite kwacha" ni 6. Pa mawu awili okhawa n'nataya masekondi pafupifupi 4.

Cha m'ma 01 awazi n'naleka kulemba chilengezo, n'kulemba anthu awili okambilana, monga mu saluni kapena pa buufu ya mobailo mane. Iyi ndiyo inapita ku situdiyo:

Mnyamata: Ba sisi, machipisi yanunkhila. Mwagula kuti?

Mayi: Ni Weekend Combo iyi. Nkhuku mapisi yabili, machipisi na ka dilinki, sikisite kwacha chabe.

Mnyamata: Nipaseniko ka pisi.

Mayi: Awe, kagule yako! Ukagula makombo yabili, paketi ina ya machipisi ni mbasela.

Womaliza: Weekend Combo, Fulaide mpaka Sande. Odani pa WhatsApp olo bwelani ku shopu. Mbasela ni ya makombo yabili yogulila pamodzi.

Masilabulo 134. Otsalawo, masekondi atatu, anali a dzina la shopu na pamene ili.

Muone kuti mnyamata akuti ba sisi, mwagula, nipaseniko, pamene mayi akumuyankha kuti kagule yako. Chizungu chili na liwu limodzi la iwe na imwe, ndiye womasulila amasankha limodzi n'kulimwaza paliponse. Ise sitikamba tele. Wamkulu angauze mfana kuti kagule, ndipo zimaseketsa. Koma mawu omaliza, amene ni shopu ikukamba na kasitomala, ayenela kukhala odani, bwelani. Shopu ikati "bwela ugule", pali bambo wina mu basi amene adzafunsa kuti ni ndani amene akumuitana iwe.

M'mawa mwini shopu anatsutsa zinthu ziwili. Choyamba, "ka dilinki". Anati ka kachepetsa katundu wake. N'namufunsa kuti botolo lake ni lalikulu bwanji, anati ni laling'ono lija. Ndiye ka sikanama. Komanso m'tauni ka si kuchepa chabe, ni chikondi: ka nyimbo aka, ka weza ka lelo. Ba anti ananithandiza: "Bosi, siyani ka, ndiye kamene kapangisa njala." Anavomela monyinyilika.

Chachiwili chinali chachikulu. Anafuna kuti chiganizo chomaliza, cha makombo yabili yogulila pamodzi, chichoke, m'malo mwake tiike mawu a Chizungu aja othamanga amene amatseka maadiveti ambili, onena kuti pali malamulo ake. Apa n'nakana, ngakhale kuti mtima unali pa lendi. Ukakopa munthu m'Chinyanja n'kubisa lamulo m'Chizungu chothamanga, wamunamiza, ndipo amene adzatukwanidwa ni mtsikana wa pa kauntala pamene kasitomala wa kombo imodzi afuna mbasela yake. N'namukumbutsanso kuti ku CCPC anthu amapeleka madandaulo a maadiveti osocheletsa. Sinidziwa ngati chinamugwila ni mtsikana uja kapena CCPC, koma chiganizocho chinatsala. Chinadya masilabulo 18, ndipo n'chimene nimanyadila kwambili mu sikilipiti yonse.

Tinajambula katatu, kachitatu inakwana masekondi 29. Ola lachiwili sininalipile.

Patapita sabata n'naimva mu basi ya ku Chawama, pakati pa nyimbo ziwili. Palibe amene anaseka molakwika, palibe amene anatembenuka, ndipo mtsikana amene anali pafupi nane anapitiliza kusindikiza foni yake. Ine ndekha n'namva pamene panakhota. Mayi uja akuti "yabili", akuti "chabe", akuti "awe", zonse za m'tauni, kenako mwadzidzidzi "paketi ina". Ina ni ya m'buku. Munthu amene amati yabili amati inangu. Liwu limodzi la sikilipiti yoyamba linazemba n'kulowa, ndipo tonse anayi mu situdiyo sitinaligwile. Adiveti inaulutsidwa mwezi wathunthu, ndipo nthawi iliyonse ikafika pa "ina" n'nali kutsinzina.