Botolo la pamwamba pa kabati

M'nyumba mwathu, pamwamba pa kabati ya mbale, pali botolo lapulasitiki lomwe kale munali chiponde. Chivindikiro chake tinachiboola ndi mpeni wotentha kuti ndalama yapepala izilowa ikapindidwa kawiri. Mwini wake ndi mwana wathu wamkazi, yemwe pamene zinkachitika zomwe tikufuna kufotokozazi anali ndi zaka 9. Ife makolo ake tinaganiza za botololi pofuna kumuphunzitsa kusunga ndalama, ndipo tinkadziona ngati aphunzitsi odziwa ntchito yawo, mpaka tsiku lomwe tinapisamo dzanja.

Poyamba tinkachita monga amachitira makolo ambiri. Mwana akamapita kusukulu tinkapisa m'thumba ndi kumupatsa chomwe chapezeka: lero K200, mawa palibe, mkuja K500 chifukwa choti bambo alandira. Ndalama yobwera mwa njira imeneyi imamuphunzitsa mwana kuwerenga nkhope ya kholo ndi kudziwa nthawi yabwino yopemphera. Siyimuphunzitsa kukonzekera, pakuti munthu sangagawe chinthu chomwe sakudziwa kuchuluka kwake ngakhale tsiku lomwe chidzabwere. Choncho mu Ogasiti 2023 tinagwirizana kuti azilandira K1,000 Lamulungu lililonse madzulo, kaya sukulu ndi yotsegula kaya ali patchuthi. Tinagwirizananso kuti ndalamayi si malipiro a kutsuka mbale kapena kusesa pabwalo, chifukwa zimenezo ndi ntchito za aliyense wodya m'nyumba muno, ndiponso kuti sitidzamulanda ngati chilango.

Kanthu kena kooneka kakang'ono kanatisautsa: chenje. Mwana ukamupatsa K1,000 ya pepala limodzi, sangaigawe. Amapita nayo yonse kuokala, ndipo yotsalayo imathera m'njira. Tinayamba kusunga ma K100 sabata yonse kuti Lamulungu tizimuwerengera mapepala khumi patebulo. Asanu anali odyera kusukulu, limodzi patsiku. Anayi ankalowa m'botolo. Limodzi ankaliika m'kachitini kena ka sadaka, ndipo womupatsa ankasankha yekha. Kawirikawiri anali agogo ena osaona omwe ankakhala pafupi ndi mzikiti Lachisanu. Magawowa tinakambirana naye, sitinangomulamula. Iye ankafuna kusunga asanu ndi awiri, koma tinamuletsa, podziwa kuti mwana wosunga mopitirira muyeso amayamba kupempha zitumbuwa kwa anzake.

Kusunga popanda cholinga mwana sakumvetsa, ndipo kunena zoona ngakhale akuluakulufe kumativuta. Iye anasankha chikwama cha mabuku chokhala ndi matumba atatu chomwe anachiona pamsika, cha K6,000. Chikwama chakale chinalipo, chosokedwasokedwa koma chogwira ntchito, choncho chatsopanochi chinali chofuna mtima wake, osati udindo wathu womwe tinkauzemba. Tinawerengera limodzi: K400 pasabata, ndiye kuti masabata 15. Amalume ake atabwera kudzacheza anamupatsa K2,000, yomwe anaiponya yonse m'botolo popanda womuuza, ndipo masabata aja anatsika kufika pa 10. Anajambula timabokosi khumi papepala, nalimata pakhoma, n'kumadetsa kamodzi Lamulungu lililonse.

Sabata yachisanu ndi chinayi itakwana, m'botolo munali K5,600. Kunangotsala kabokosi kamodzi. Pakati pa sabata imeneyo tinalandira alendo ochokera kumudzi omwe anabwera ndi wodwala, mayunitsi a magetsi anatha, makala nawo anatha, ndipo mwezi unali usanathe. Usiku ana atagona tinatsitsa botolo lija ndi kutengamo K4,000. Sitinakambirane nthawi yaitali. Tinauzana kuti tibweza asanazindikire, ndipo pansi pa mtima tinali ndi maganizo omwe makolo ambiri ali nawo, akuti ndalama ya mwana ndi yathu ndithu popeza inachokera m'thumba mwathu.

Tinaiwala kuti botolo tinasankha loonekera mkati mwadala, kuti mwanayo aziona ndalama zikukwera. Sanadikire n'komwe Lamulungu. M'mawa mwake anakwera pampando, natsitsa botolo, nakhuthulira pamphasa. Anapeza K1,600. Sanaganizire ife ngakhale pang'ono. Anatembenukira kwa mlongo wake wa zaka 6, yemwe ndi mzime wathu, namugwira malaya, akumutchula wakuba. Mnyamatayo analira kulira kwa munthu wonamiziridwa, ndipo ife tinaima pakhomo kwa kanthawi kotalikirapo kuposa momwe tikanafunira kuvomereza, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kulankhula.

Bambo ake ndiwo anayamba. Anati: "Msiye mlongo wakoyo. Ndalama tatenga ndife, tinasowa yogulira magetsi. Tibweza."

Iye anafunsa funso limodzi lokha: "Ababa, bwanji simunandipemphe?"

Tinalonjeza kubweza kumapeto kwa mwezi. Mwezi unatha, ndalama inapita ku zina zomwe zinkaoneka zofulumira, ndipo ngongole ya mwana, poti mwini wake sabwera kudzagogoda pachitseko, inakhala yomalizira pamndandanda. Panapita masabata asanu ndi limodzi. M'masabata amenewo tinaona chinthu chomwe chinatipweteka kuposa kulira kuja. Mwanayo analeka kuponya ndalama m'botolo. Ya sadaka ankaperekabe, koma K900 yotsalayo ankaidya yonse pofika Lachitatu: mandasi, zigege, mafulizesi, ena kugawira anzake. Mayi ake atamufunsa, anayankha mosakwiya konse kuti ndalama ya m'botolo imasowa, koma yomwe wadya palibe angamutengere. Tinasowa chomutsutsa nacho. Anali ataphunzira ndithu za ndalama, ndipo amene tinamuphunzitsa tinali ife.

Tinabweza K4,000 ija chapakati pa Novembala. Owerenga akukumbukira zomwe zinachitika mwezi umenewo m'chaka cha 2023: ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi ya ku Amereka, yomwe kubanki inali pafupifupi K1,180, inafika pa K1,700. Katundu wochokera kunja anakwera mtengo m'masiku ochepa. Titapita naye kumsika, chikwama chija chinali pa K8,500. Mwana anaima ndi K5,600 yake m'manja akuyang'ana wogulitsa ngati kuti wamunamiza.

Usiku umenewo tinatsutsana. Mmodzi wa ife ankati limeneli ndi phunziro labwino, mwana adziwe kuti mitengo imakwera ndipo apitirize kusunga. Winayo ankati phunzirolo ndi loona, koma mwanayu sanachedwe yekha. Tikanapanda kutenga ndalama yake akanagula chikwamacho mu Okutobala pa K6,000. Maganizo achiwiriwa ndiwo anapambana. Tinamuuza kuti akwanitse K6,000 yomwe anapangana ndi mtima wake, kutanthauza sabata imodzi ina yosunga K400, ndipo K2,500 yapamwambayo tilipira ife. Tinamufotokozera momveka kuti iyi si mphotho ya kutikongoza, kuopa kuti angayambe kuganiza kuti ndalama imabereka inzake ikakongozedwa. Alipo amene amalangiza makolo kuti aziwonjezera kachiwongoladzanja m'botolo la mwana mwezi ndi mwezi. Ife njira imeneyo sitiitsata. Tinangokonza chomwe tinawononga.

Kukwera kwa mitengo kuja kunatiphunzitsanso china chokhudza kutalika kwa nthawi. Masabata 15 ndi ambiri kwa mwana wa zaka 9, ndipo m'dziko lomwe mtengo wa chinthu ungasinthe kawiri pa teremu imodzi, cholinga chakutali chimathawa mwana akuchithamangira. Tsopano timamulimbikitsa kusankha chinthu chomwe angachifikire m'masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Chikakhala chodula kuposa pamenepo, timagwirizana pachiyambi pomwe kuti iye asonkha theka, ife theka, ndipo popita kumsika kukagula ndiwo amadzera kukafunsanso mtengo. Ndalama ya pasabata nayo timaiunikanso poyamba pa teremu iliyonse, poyerekeza ndi mtengo wa chitumbuwa pageti la sukulu, chifukwa K100 yomwe inkagula kanthu chaka chija lero siyikwanira.

Mzime uja njira yake ndi ina. Mwana wa zaka 6 sabata saidziwa kutalika kwake. Tinayesa kumupatsa ya masiku asanu nthawi imodzi ndipo inatha Lolemba lomwelo. Iyeyo amalandira ya tsiku limodzi, ndipo timamuikira zinthu ziwiri zokha zoti asankhepo: agule nthochi lero, kapena asunge kuti mawa aphatikize agule kanthu kokulirapo. Masiku ambiri amasankha nthochi, ndipo sitimunyoza. Tsiku lina anasunga masiku anayi n'kugula kagalimoto kapulasitiki komwe tinkaona ndi maso kuti sikalimba. Tinamuchenjeza kamodzi, iye anaumirira, ndipo mateyala anathothoka dzuwa lisanalowe. Analira, tinamutonthoza, koma sitinamugulire kena. Kudziletsa kumeneko kunali kovuta kwa ife kuposa kwa iye.

Chomwe chinabwezeretsa botolo lija pantchito yake sichinali chikwama, ngakhale anachinyamula monyadira. Linali kope la masamba ochepa lomwe tinaliika pambali pa botolo. Ndime yaitali kuposa zonse m'Kurani yolemekezeka, ya 282 m'sura ya Bakara, imakamba za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Tinkaidziwa kuyambira kumadarasa, koma sitinaganizepo kuti ingakhudze ngongole ya kholo kwa mwana wake. M'kopemo mwanayo amalemba yekha tsiku, ndalama yomwe walowetsa ndi zonse zomwe zilimo. Tikapanikizika, pakuti kupanikizika sikunathe, timapempha masana, iye ali maso, ndipo ali ndi ufulu wokana. Akalola, timalemba kuchuluka kwake ndi tsiku lobweza, wokongolayo amasaina, ndipo mlongo wake, yemwe ananamiziridwa uja, ndiye mboni. Amajambula chilembo choyamba cha dzina lake mosamala kwambiri.

Chiyambireni takongolamo katatu, ndipo kawiri tinabweza pa tsiku lake. Ulendo wachitatu tinachedwa ndi masiku awiri, ndipo tinapeza kopelo litatsegulidwa patebulo, pafupi ndi kapu ya tiyi ya bambo. Anatikanizapo kamodzi, Idi itayandikira, chifukwa ankasungira mpango womwe ankafuna kuvala patsikulo. Usiku umenewo tinakakongola kwa aneba.