Denga la Zaka Zitatu

Mvula yoyamba itagwa chaka chatha, tinachezera usiku wonse tikusuntha mphasa. Beseni lotsukira mbale linali pakati pa balaza, ndowa inali kuchipinda cha ana, ndipo madontho ankagwa mosinthana ngati akuyankhana. Kutacha tinaitana kalipentala wa m'mudzi mwathu muno. Atakwera pamwamba anagogoda malata, nayang'ana mozungulira misomali momwe dzimbiri linadya mpaka kuboola, kenako anatsika n'kunena mosazungulira: "Ndikhoza kumata, koma denga ili latsala ndi dzinja zitatu. Lachinayi mphepo idzalitenga."

Mawu amenewa, ngakhale anali owawa, anatipatsa tsiku. Ngozi imafika mosagogoda, koma denga limakalamba tikuliona, monga momwe imathera injini ya boti kapena galimoto. Chinthu chimene tikudziwa nthawi yake yothera tingathe kuchisungira ndalama padera mwezi ndi mwezi, m'thumba limene silitsegulidwa pa chifukwa china chilichonse.

Tinayamba ndi kuwerengera mtengo. Nyumba yathu imafuna malata 60 a geji 28, ndipo lata limodzi linali pa K40,000, kutanthauza K2,400,000. Matabwa, misomali ndi malipiro a kalipentala zinakwana K1,200,000. Zonse pamodzi, K3,600,000. Titagawa ndi miyezi 36, tinapeza kuti tiyenera kupatula K100,000 mwezi uliwonse.

Mphwathu amene amaphunzitsa masamu kusekondale atamva izi anatenga cholembera. Iye anati tikaika ndalamazo kubanki pa chiwongoladzanja cha 12 peresenti pachaka, chomwe ndi 1 peresenti pamwezi, mtolo upepuka. Ndalama ya mwezi woyamba imakhala ikubala kwa miyezi 35, ya mwezi wachiwiri kwa miyezi 34, mpaka ya mwezi wotsiriza imene sibala kanthu, ndipo chimene chabadwacho chimabalanso. Motero K1,000 yoikidwa kumapeto kwa mwezi uliwonse sikhala K36,000 pakutha pa zaka zitatu, koma pafupifupi K43,080. Pogawa mtengo wa denga ndi chiwerengero chimenechi, anapeza kuti K83,600 pamwezi ikukwanira. Ife tikanaika pafupifupi K3,010,000, ndipo K590,000 yotsalayo ikanachokera kubanki.

Tisaname, mitima yathu inagwedezeka. K16,400 yopulumuka mwezi uliwonse si yochepa pakhomo pamene pamadalira usipa. Koma tinadziwanso dzina la ndalama imeneyo. Phindu lolonjezedweratu pa ndalama yobwereketsa ndi riba, ndipo Qur'an, chakumapeto kwa Surat Al-Baqarah, inaletsa riba ndi kuloleza malonda. Pambuyo pa Jumu'ah tinafunsa Shehe wathu, ndipo anatiuza kuti kusunga ndalama kubanki poopa akuba ndi moto n'kololedwa, koma chiwongoladzanja chikalowa mu akaunti tisakhomere nacho ngakhale msomali umodzi. Tichipereke kwa osauka popanda kuyembekezera sawabu ya sadaka.

Tinabwerera kunyumba tikuona ngati tataya K590,000. Amene anatitsegula maso ndi mphwathu yemwe uja, pamene anafunsa kuti: "Kodi malume, malatawo adzakhala akukudikirani pa K40,000?" Tonse tinakumbukira Novembala wa 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo m'masitolo a zomangira n'kusintha sabata isanathe. Iye anayerekeza kuti mitengo ikukwera ndi 20 peresenti chaka chilichonse. Denga la K3,600,000 limakhala la K4,320,000 chaka choyamba, K5,184,000 chachiwiri, ndipo chachitatu limapitirira K6,200,000.

Apa m'pamene tinaona kukula kwenikweni kwa zinthu. Chiwongoladzanja chinkalonjeza K590,000, pamene kukwera kwa mitengo kunkalanda zoposa K2,600,000. Munthu amene akanatsatira masamu oyamba aja mokhulupirika, osaphonya mwezi ngakhale umodzi, akanafika kusitolo ndi K3,600,000 yake n'kupeza kuti ikungofolera theka la nyumba ndi kachigawo pang'ono. Chiwongoladzanja chikakhala chotsika kuposa liwiro la mitengo, ndalama imachuluka m'buku la kubanki koma malata amene ingagule amachepa. Cholakwa chachikulu pa thumba lotere ndicho kusungira mtengo wa lero chinthu chimene chidzagulidwa mawa, ndipo chizindikiro chake n'chosavuta kuona: gawani ndalama zosungidwa ndi mtengo wa lata limodzi. Ngati chiwerengero cha malata chikutsalira m'mbuyo mwa miyezi, thumba likudontha.

Tinasintha njira. Mwezi uliwonse timapatula K120,000. Pa ndalamayi, K80,000 ndi ya malata, ndipo miyezi itatu iliyonse timapita kuboma kukagula, kuti tisamalipire galimoto kawirikawiri. K40,000 yotsalayo imakhala kubanki, pakuti matabwa sagulidwa msanga chifukwa cha chiswe ndi kupindika, ndipo kalipentala salipidwa ntchito isanagwiridwe. M'miyezi imene usipa wagwidwa wambiri timaika magawo awiri, kukonzekera nyengo ya mwera ndi miyezi yotseka nyanja, pamene ndalama imasowa.

Papita miyezi 15 tsopano. Maulendo atatu oyamba tinagula malata 6 ulendo uliwonse. Kenako mtengo unakwera kufika K48,000, ndipo ndalama yomweyo inayamba kugula malata 5. Tili ndi malata 28 amene tinawagula ndi K1,200,000. Kuwagula lero kukanafuna K1,344,000. Mphwathu anawerengera kuti ndalama yomweyo ikanabala pafupifupi K88,000 kubanki, pamene malata atiteteza ku K144,000. Koma mbali ya matabwa ndi kalipentala yatsalira, ndipo kuyambira mwezi uno tikukweza gawo lake kufika K70,000.

Njira imeneyi ili ndi minga yake. Malata osanjikizana akalowa chinyontho amachita mawanga oyera ndipo amayamba kudyeka asanakwere padenga. Ulendo woyamba tinawagoneka pansi pa simenti ndipo awiri anachita mawanga. Tsopano amakhala pamitengo, motsetsereka, m'chipinda chouma ndi chokiyidwa. Geji, utali ndi mtundu wa mizere ziyenera kukhala zimodzimodzi ulendo uliwonse, apo ayi sadzalumana. Ndiponso lata siligulitsika msanga pa mtengo wake matenda akagwa, choncho kandalama ka mwadzidzidzi kali ndi malo ake ena. Kwa amene akusungira galimoto njira iyi sigwira, popeza galimoto sigulidwa chidutswachidutswa. Iwo ayenera kuwerengeranso mtengo chaka chilichonse, kuchotsapo chimene yakaleyo ingagulitsidwe, ndi kufunsa ngati banki yawo ili ndi akaunti yotsata Shariya, imene phindu lake limachokera ku malonda ndipo sililonjezedweratu.

Shehe anatikumbutsanso za Zakaat. Ndalama yosungira denga ikadali chuma chathu. Ikafika pa nisabu n'kutha chaka, 2.5 peresenti yake ndi ya osauka, ngakhale tinaipatsa kale ntchito. Malata ogulira nyumba yogonamo, osati malonda, saperekedwa Zakaat.

Mayesero safika ndi nkhope yoipa. Pa Idi yapitayi panafunika zovala za ana, ndipo pa unyago wa mwana wa mchemwali wathu panafunika mbuzi. Kawiri konse dzanja linafika pa buku la denga, ndipo kawiri konse mayi a m'nyumba muno analoza beseni lija, limene taliika pamwamba pa kabati. Dzinja ziwiri zatsala. Kalipentala wamatanso mabowo asanu ndi limodzi, ndipo sabata yamawa, Insha Allah, tikupita kuboma kukatenga malata ena asanu.