Mizere yofiira ija sinachoke, inangobisala

Teremu yatha ndinakonza mayeso a Bayoloje a Fomu 4 pa laputopu, mu Word, n'kutumiza kwa akulu a dipatimenti yathu kuti aunike. Pepala linabwerako lili psuu ngati kope la mwana wolephera. Mawu ena anali odulidwa ndi mzere pakati, ena atsopano ali ndi mzere kunsi, ndipo m'mphepete munali timabokosi ta ndemanga. Kena kanati: "Aphunzitsi, yankho apa ndi chiwindi, koma funsoli laphweka kwambiri."

Iwo anali atayatsa Track Changes, yomwe imapezeka pansi pa Review. Ikayaka, chimene mnzako wafufuta sichichoka ndipo chimene wawonjezera sichikhazikika. Zonse zimadikira mwini pepala kuti avomere kapena akane. Ine izi sindinkazidziwa. Ndinaona kabokosi kolembedwa All Markup, ndinasankha No Markup, pepala n'kuyera. Ndinati zatheka, n'kutumiza pa WhatsApp kwa mnyamata wina wosindikiza mapepala pamsika wa Nsaru.

Kompyuta yake itatsegula fayiloyo, zofiira zonse zinabwerera, ndipo iye anangosindikiza mmene zinalili. Makope 64, mayankho ena ali m'mphepete! Mwayi wake ndinaona ndisanagawe, koma ndalama yosindikizanso inachoka m'thumba mwanga.

No Markup ili ngati kuphimba nsima ndi mbale: nsimayo ilipobe. Kuti zofiira zichokedi, bwererani ku All Markup, muyende nazo chimodzichimodzi. Accept ndiye kuvomera, Reject ndiye kukana. Mukagwirizana nazo zonse, pali Accept All Changes and Stop Tracking, koma yambani mwawerenga, chifukwa naye woongola amalakwa. Ndemanga sizichoka ndi Accept. Zili ndi khomo lakelake: pa Review pomwepo, kamuvi ka pa Delete, kenako Delete All Comments in Document. Ngati pepala lili loyera pamene mwasankha All Markup, ndiye kuti layeradi.

Pokonzanso, ndinafufuta mwangozi funso lachisanu ndi chiwiri, n'kusunga ndi kutseka fayilo. Mnzanga anati ndiyang'ane Version History, imene imasunga mmene pepala linalili dzulo kapena dzana. Munalibe kanthu. Word imasunga mbiri imeneyi ngati fayilo ili pa OneDrive kapena SharePoint, osati pa fulashi. Fayilo yodutsa pa WhatsApp imakhala kope latsopano lopanda mbiriyo. Mu Google Docs mbiri imasungika yokha, pa File, Version history, koma imafuna bandulo ndi netiweki, zomwe kuno sizipezeka tsiku lililonse.

Funsolo ndinalipeza m'kope loyamba lija ndinatumizira akulu a dipatimenti, lili phee mu foni mwawo. Tsopano kwa wosindikiza ndimatumiza PDF yokha, nditaitsegula kaye ndi kuona tsamba lililonse.