Khomo la Kuseri pa Phwando la Ukwati

Holo ya ukwati imakhala ndi makomo awiri: lakutsogolo la maluwa ndi nthungululu, lakuseri la utsi. Loweruka lina mu Julaye, chiperoni chitakuta Limbe, ndinalowera lakuseri, kumene amayi anali atatereka masefuliya pamafuwa kuyambira m'bandakucha. Mpunga unali utafundikidwa, makala ali pamwamba pa chivundikiro, nyama ya ng'ombe ikubwata, nkhuku zokazinga zili m'mabeseni.

Kuchokera pamotopo pali kakhonde kopita mu holo. M'menemo munali matebulo awiri odzaza mbale zopakulira kale. Pulogalamu inati nkhomaliro ndi 12 koloko, ndipo anyamata anayamba kupakula nthawi yomweyo. Koma akwati anachedwa kojambulitsa, nafika cha m'ma 1 koloko. Mphepo inkawomba molunjika m'kakhondemo. Wodziwa sakanafunika kulawa: mafuta anali ataundana n'kuyera pamwamba pa msuzi, ndipo nthunzi kunalibe.

Mu holo, kumanja kunakhala akuchimuna, kumanzere akuchikazi. Akuchimuna anali pafupi ndi mabeseni achitsulo okhala ndi madzi otentha ndi kamoto kunsi, choncho ankalandira chakudya chofuka nthunzi. Mbale za m'khonde zinapita kumanzere. Imodzi inatera pamaso pa amalume a mkwatibwi, amene analinso ankhoswe.

"Kodi ife a kuchikazi ndiye otaya?" anatero, akukankha mbale. "Anzathu uko akudya zamoto!"

Mtsikana woperekera chakudya anayamba kunena zoti akwati ndiwo anachedwa. Zinali zoona, koma bambowo anangokweza mawu, ndipo matebulo oyandikana anasiya kudya. Pamenepo anatulukira mayi woyang'anira zophika, akupukuta manja pachitenje. Sanaime chilili. Ananjuta pambali pa mpando, kuti aliyense wofuna kumumva aweramire pansi.

"Pepani bambo, talakwa ndife. Chakudya ichi si choyenera inu."

Anawasiya kuti amalize kulankhula osawadula, kenako anachotsa mbaleyo ndi manja awiri n'kuipereka kumbuyo. Mbale yozizira ikakhalabe patebulo, mlendo amangoiloza, mkwiyo n'kumayakanso. Anafunsa funso limodzi: "Tikubweretsereni mpunga kapena nsima?" Munthu amene akusankha amaleka kukalipa kuti aganize. Atayankha kuti nsima, mayiyo anati, "Mphindi zisanu, ndibweretsa ndekha." Asanachoke anayang'ana mbale za ena onse patebulopo n'kuuza anyamata azitole zonse, chifukwa amene sanadandaule nawonso anali ndi zozizira, ndipo kukonzera amalume okha kukanabala dandaulo lina.

Ndinawatsatira kukhitchini. Sanatenthetse mbale yomwe ija. Anatsuka mbale zina m'madzi otentha kuti zisabe kutentha kwa chakudya, anapakula mitanda ya nsima mumphika umene unali ukadali pamoto, nathira nyama yochokera m'sefuliya yobwata. Mbale zonse za m'khonde analamula kuti zibwerere. Ndiwo zimene munthu sanazikhudze zinabwezedwa pamoto mpaka kuwira; zochokera pamatebulo sizinabwerere mumphika.

Anandiuza kuti mabeseni a madzi aja ntchito yake n'kusunga kutentha, osati kutenthetsa chozizira, n'chifukwa chake madzi ake amawathira ali owira kale. Nkhani yake si kukoma kokha. Bungwe la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisungidwe pa madigiri oposa 60, chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, ndipo potenthetsanso chitenthe mpaka m'kati. Mbale za m'khondezo zinali zitatsala pang'ono kukwanitsa maola awiriwo, ndipo mpunga woterowo ndi umene umatsegula anthu m'mimba.

Mayi uja anabwerera mu holo mphindi zisanu zisanathe, mbale yovundikira ili m'manja, mtsikana uja akumutsatira ndi jagi ya madzi ofunda ndi beseni. Anamusiya mtsikanayo kuti awasambitse yekha amalume m'manja. Sanamudzudzule pagulu, komanso sanamubise. Amalume anatema nsima, nthunzi n'kutuluka, ndipo anangoti, "Eya, izi ndiye nkhomaliro." Mayiyo sanapepesenso kachiwiri. Anapita kwa wapampando wa komiti ya ukwati kukamunong'oneza zimene zachitika, kuti akuchikazi asadzazimve mbali imodzi mawa.

Kuseri, dongosolo linali litasintha. Matebulo a m'khonde anawachotsa, ndipo mnyamata mmodzi anaikidwa pakhomo kuti aziitana tebulo limodzi panthawi, mosinthanitsa kumanzere ndi kumanja, mbale zikupakulidwa pokhapokha woperekera waima pamphika. Pofika nthawi ya perekaniperekani, amalume aja ndi amene anatsogolera akuchikazi kukafupa.