Nthawi imene wa mu ofesi amaganiza za nkhomaliro

Ndimaphika chakudya chamasana n'kumakaperekera anthu ogwira ntchito m'maofesi a ku City Centre ndi ku Capital Hill mu Lilongwe. Ndilibe lesitilanti pamsewu woti munthu angakopeke ndi fungo la nkhuku. Makasitomala anga amandipeza pa Status ya WhatsApp ndi pa tsamba la Facebook, choncho ola loikira chithunzi ndimalisamala monga ndimasamalira mchere mu ndiwo.

Anthu ambiri amathamangira ola limene chithunzi chimaonedwa ndi anthu ochuluka. Ine ndimafuna ola limene munthu amapanga chiganizo chogula, ndipo maola awiriwa ndi osiyana. Cha m'ma 6:30 m'mawa makasitomala anga amakhala ali m'minibasi kapena pamndandanda wa magalimoto, foni ili m'manja. Chithunzi cha nthawi imeneyo amachiona ambiri zedi, koma munthu wangomwa tiyi kumene, nkhomaliro ili kutali ndi mutu wake. Akangolowa mu ofesi, mafayilo ndi abwana zimamuiwalitsa. N'chifukwa chake m'mawa ndimangolemba mndandanda wa ndiwo za tsikulo ndi mitengo, osachulutsa zonena.

Chithunzi chenicheni ndimachiika pakati pa 10:00 ndi 10:30. Apa ntchito zachangu zachepako, m'mimba mwayamba kulira, ndipo wina watembenukira kale kwa mnzake kuti, "Achimwene, lero tidyera kuti?" Ndimajambula poto ali pamoto, nthunzi ikutuluka, chifukwa munthu amafuna kudziwa kuti ndi zalero osati zogona. Pansi pake ndimalemba kuti maoda atsekedwa 11:15, kulipira ndi pa Airtel Money kapena Mpamba. Malire amenewa ndi ofunika. Popanda iwo munthu amati ayitanitsa bwino lino, kenaka amaimba 12:10 pamene mnyamata wanjinga yamoto wanyamuka kale. Chithunzi cha 12 koloko n'chokondweretsa maso basi, pakuti anthu amakhala atatuluka kale pageti.

Masiku nawonso sali ofanana. Lolemba m'mawa maofesi ambiri amakhala ndi misonkhano, mafoni ali chete, komanso ena anyamula zotsala za Lamlungu m'kontena. Tsikuli ndimachedwetsa chithunzi pang'ono ndipo ndimaphika zochepa. Lachiwiri mpaka Lachinayi ndiye mtima wa malonda, ndipo ndiwo yatsopano ndimailengeza masiku amenewa. Lachisanu ambiri amafuna kuthamangira kunyumba kapena kukadyera kunja ndi anzawo, ndiye uthenga wa Lachisanu ndimautumiza Lachinayi madzulo, wolunjika kwa amene akufuna mbale zambiri za gulu lonse la mu ofesi. Loweruka sindivutitsa munthu. Lamlungu cha m'ma 7 koloko usiku, pamene anthu akusita zovala za mawa, ndimaika ndiwo za sabata yonse.

Koma chimene chimalamula kuposa tsiku la sabata ndi deti la mwezi. Malipiro akangolowa kumapeto kwa mwezi, chambo ndi nkhuku yalokolo zimatha msanga, ndipo ndi nthawi yokhayo imene ndimalengeza zolipiriratu chakudya cha mwezi wathunthu. Pofika pa 15, munthu yemweyo akufunsa za nyemba, usipa ndi mpiru wotendera. Kumuonetsa chambo pa 18 n'kumupweteka mtima chabe, ndipo amayamba kudumpha Status yanga. Masiku amenewo ndimalemba mtengo poyambirira, chithunzi chimodzi chokha, osati kanema, chifukwa bandulo nayonso imakhala ikutha. Tchuthi cha boma, monga pa 3 Malichi kapena pa 6 Julaye, ndimachionera pa kalendala pasadakhale kuti ndisaitane anthu amene ali kwawo.

Maola amenewa ndinawapeza m'kope, ndipo aliyense amene ali ndi makasitomala otere angawapime yekha. Tsiku lililonse ndimalemba ola limene ndaika chithunzi, anthu amene achiona ndi mbale zimene zagulidwa. Pa Status ndimaona mayina a oonera ndi nthawi imene aliyense waonera, pamene pa Facebook ziwerengero zili mu Insights. Pofuna kuyesa ola latsopano ndimasintha chinthu chimodzi chokha. Ngati Lachitatu lino ndaika mpunga wa nkhuku 10:00, Lachitatu linalo ndiika mpunga wa nkhuku womwewo 9:00, pa mtengo womwewo. Ndimapewa kuyerekeza sabata ya malipiro ndi ya pakati pa mwezi, pakuti ndingayamikire ola pamene yagwira ntchito ndi ndalama. Tsiku lamvula nalonso ndimaliika chizindikiro, chifukwa anthu safuna kutuluka ndipo maoda amakwera okha.

Oonera akachuluka koma mbale osayenda, ndimadziwa kuti ndafulumira. Mauthenga oti "Mayi, zatsalako?" akamabwera maoda atatsekedwa, ndiye kuti ndachedwa, ndipo sabata yotsatira ndimabweza chithunzi m'mbuyo ndi mphindi 30.